Kwathu amafunsa mudzi, kuno amafunsa khungu

Sabata yachiwiri nditafika ku Mangalande mu 2022 ndinapita kukalembetsa ku kachipatala ka m'dera lomwe ndinapeza nyumba. Kuno munthu sungodzuka n'kukaima pamzere monga timachitira kwathu. Umayamba walembetsa kwa dokotala wa m'dera lako, ndipo iyeyo ndi amene amakutumiza kwina ngati pakufunika kutero. Anandipatsa fomu ya masamba angapo. Dzina, tsiku lobadwa, kumene ndikukhala, matenda omwe ndinadwalapo, zonsezi ndinalemba mosavuta. Chakumapeto ndinapeza funso lakuti "What is your ethnic group?", pansi pake pali timabokosi tambiri toti munthu achonge kamodzi.

M'mutu mwanga funsolo ndinalimva kuti: ndinu mtundu wanji? Ndiye ndinayamba kufufuza pomwe alemba Mchewa. Ndinatsika mndandanda wonse, ndinakweranso. Ndinaona Irish, Indian, Pakistani, Caribbean, African. African ndinaidumpha, chifukwa kwa ine Africa ndi malo, si mtundu. Pomaliza ndinachonga kabokosi ka pansi penipeni, ka "Any other ethnic group", n'kulemba pamzere kuti Chewa. Ndinapereka fomu ija mtima uli m'malo, podziwa kuti ndanena zoona. Zinanditengera chaka ndi miyezi kuti ndizindikire kuti ndinayankha moona funso limene sanandifunse.

Kwathu fomu ya boma ikafuna kukudziwa imafunsa mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lochokera. Ngakhale unabadwira ku Ndirande ndipo kumudziko unangopitako kumaliro kawiri, umalembabe mudzi wa makolo. Funso lotere limakufikitsa pakhomo penipeni, pomwe pali anthu oti angakuloze n'kunena kuti uyu ndi mdzukulu wa uje. Mayi anga ndi Achewa a ku Dedza, bambo anga anali Atumbuka a ku Rumphi. Kwa amayi mwana ndi wa kuchikazi, kwa abambo mwana ndi wa kuchimuna, choncho mbali zonse ziwiri zimanditenga ngati wawo, ndipo ine ndinakula ndikudziwa kuyankha molingana ndi amene wafunsa. Kalembera wa 2018 anafunsanso za mtundu, ndipo Achewa anapezeka kuti ndi munthu mmodzi mwa atatu alionse, kenako Alomwe, Ayao, Angoni, Atumbuka ndi ena. M'zonsezi panalibe pomwe ndinafunsidwapo ngati ndine wakuda. Mawuwo timawadziwa, koma kwathu sasiyanitsa aliyense ndi mnzake. Amene amatchulidwa ndi mzungu ndi mmwenye. Ena tonse ndife anthu basi. Ukuda ndinaupeza ukundidikira pabwalo la ndege.

Mndandanda umene umabwerezedwa pa mafomu ambiri kuno umachokera ku kalembera wa dziko. Wa 2021 wa England ndi Wales unali ndi timabokosi 19 m'magulu asanu: azungu, a makolo osakanikirana, a ku Asia, akuda, ndi ena otsala. Ukauyang'anitsitsa umaona kuti sunapangidwe ndi muyezo umodzi. Pena wagwiritsa ntchito khungu, pena dziko, pena chigawo chonse cha dziko lapansi. Ireland, chilumba chomwe anthu ake ndi ochepa kuposa a ku Malawi, ali ndi kabokosi kakekake. India, Pakistan ndi Bangladesh aliyense ali ndi kake. Koma Mchewa, Myoruba, Msomali ndi Mzulu, anthu omwe sangamvane ngakhale moni, alowetsedwa m'kabokosi kamodzi ka African, pansi pa mutu wa Black.

Poyamba zimenezi zinandipweteka, ndipo sindinganene kuti zinasiyiratu. Koma nditafufuza mbiri yake ndinamvetsa kuti mndandandawu si mapu a mitundu ya anthu a padziko lapansi. Ndi mbiri ya amene anabwera ku Britain, nthawi imene anabwera, ndi kuchuluka kwawo. Funsoli linalowa koyamba m'kalembera mu 1991, lili ndi timabokosi 9 tokha, ndipo azungu onse anali m'kamodzi. Mu 2001 anawonjezera gulu la Mixed, chifukwa ana obadwa kwa makolo a mitundu iwiri anali atachuluka. Mu 2011 munalowa Arab, mu 2021 munalowa Roma, mtundu wa anthu omwazikana m'maiko ambiri a ku Ulaya. Kabokosi kamabadwa gulu la anthu likakula, likadandaula kuti silikuoneka, ndiponso boma likaona kuti pali chifukwa choliwerengera palokha. Mu 2021 anthu pafupifupi 1.5 miliyoni anachonga African, ndipo ulendo umenewo anawapatsa kamzere koti alembepo kumene amachokera. Anzanga omwe analipo nthawiyo amati analembapo Malawian. Koma mafomu ambiri a kuntchito ndi kuchipatala kamzereko alibe.

Ndiye funso lenileni la fomu si lakuti ndiwe yani kwanu. Likufunsa kuti, mwa magulu omwe dziko lino limawerenga, anthu a kuno akakuona amakuika pati, ndipo zimene zimachitikira gulu limenelo zikukuchitikiranso iwe kapena ayi.

Ambiri mwa ife kabokosika timakaopa, ndipo mantha amenewa sindiwapeputsa. Ife tikudziwa zimene funso la kochokera lingachite. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kuchigawo chawo. Abale a bambo anga nkhani imeneyi amaikambabe mpaka lero. Tinakulanso ndi nkhani ya kota, pomwe boma lochokera linkakhudza mwayi wa mwana wolowa ku yunivesite. Munthu wokula motere akaona pepala likufunsa mtundu, dzanja limayamba laima. Ndipo si ife tokha. Mu 1979 boma la kuno linayesa funso lomweli m'dera la Haringey ku London, anthu ambiri akuda analikana poopa kuti mayankho adzagwiritsidwa ntchito powathamangitsa, ndipo kalembera wa 1981 anachitika wopanda funsolo.

Pa fomu yofunsira ntchito ndi pomwe mantha amakula kwambiri. Mnzanga wina wa ku Zomba, yemwe tinkagwira limodzi ntchito yosamalira okalamba, ankachonga "Prefer not to say" paliponse. Ankati, "Achemwali, ndidzipereke ndekha? Akaona Black African ndiye pepala langa alitaya." Ufulu wokana kuyankha ali nawo ndithu, ndipo palibe amene ayenera kumanidwa ntchito chifukwa chosachonga. Koma ndi bwino kudziwa mmene tsambali liyenera kuyendera. Lamulo la Equality Act 2010 limaletsa kusala munthu pantchito chifukwa cha khungu, dziko lake kapena mtundu wake. Tsamba la timabokosi lija cholinga chake ndi kuwerenga: mwa anthu onse omwe anafunsira, akuda anali angati, oitanidwa kukafunsidwa mafunso angati, olembedwa angati, okwezedwa angati. M'mabungwe aakulu tsambali limapatulidwa, ndipo osankha anthu saliona. Silikhudzananso ndi viza. Za chilolezo chogwirira ntchito amazifufuza padera, kudzera pa share code yomwe umatenga pa webusaiti ya boma, ndipo kumeneko chomwe chimaoneka ndi chilolezo chako, osati kabokosi komwe unachonga.

Malire ake alipo. Pakampani yaing'ono, yomwe wolandira mafomu ndi yemwenso amalemba anthu ntchito, kupatula kuja kumangokhala kwa pakamwa. Komanso kunena zoona, wofuna kukusala sadikira kabokosi. Dzina lako la Chichewa lili pamwamba penipeni pa kalata, sukulu yomwe unaphunzira yalembedwa, ndipo ukangoyankha foni kalankhulidwe kako kamanena zonse. Zimenezi ndi zomwe ndinamuuza mnzanga uja: kusachonga sikukubisa kwa wosala, kumangokuchotsa m'chiwerengero chomwe chikanamuulula. Iye sanagwirizane nane, ndipo mpaka pano timasiyana maganizo. Ine chomwe chinandikhotetsa ndi nkhani ya amayi oyembekezera. Kafukufuku wa MBRRACE-UK, yemwe amaunika imfa za amayi pa uchembere, anaonetsa kwa zaka zingapo zotsatizana kuti mayi wakuda kuno ali pachiopsezo chomwalira chochuluka kangapo kuposa mayi wachizungu. M'malipoti ena kusiyanako kunali pafupifupi kanayi. Mzamba mmodzi pachipatala chimodzi sangazione zimenezi, chifukwa imfazo ndi zochepa ndipo zamwazikana dziko lonse. Zinaoneka chifukwa amayi ambirimbiri anachonga kabokosi.

Koma phunziro langa lenileni linabwera ndi thupi langa lomwe. Chakumapeto kwa 2023 mutu unkandipweteka pafupipafupi, makamaka ndikaweruka ntchito ya usiku. Nesi atandiyeza anapeza kuti magazi akuthamanga kwambiri. Anandipatsa makina oti ndizidziyeza kunyumba m'mawa ndi madzulo kwa sabata, ndipo manambala anakhalabe okwera. Tsiku lobwereza anandikweza pasikelo: makilogalamu 72, msinkhu mita 1.60. Kenako anayang'ana pakompyuta, anayang'ana ine, n'kufunsa mwaulemu ngati zomwe zinalembedwa za mtundu wanga zili zolondola. M'kaundula wa NHS, bungwe la zipatala za boma kuno, gulu lililonse lili ndi chilembo chake. African ndi N, Caribbean ndi M, wosanena ndi Z. Ine ndinali pa S, gulu la ena onse otsala. Mawu aja akuti Chewa, omwe ndinalemba mosamala, sanamuuze kanthu aliyense.

Anandifotokozera chifukwa chake ankafunsa. Choyamba ndi kulemera. Pali nambala yotchedwa BMI, yomwe amaipeza pogawa makilogalamu ndi msinkhu wochulukitsidwa ndi msinkhu womwewo. Yanga inali 72 kugawa ndi 2.56, zomwe zimapereka 28.1. Pa muyezo wa anthu wamba, kunenepa koopsa kumayambira pa 30, choncho 28.1 ndi kungonenepako chabe. Koma malangizo a NICE, bungwe lomwe limalemba ndondomeko za chithandizo kuno, amati kwa anthu ochokera ku mabanja a ku Africa, Caribbean, Asia ndi Middle East malirewo atsike: kunenepa kuyambire pa 23, koopsa pa 27.5, chifukwa matenda a shuga ndi a mtima amatipeza tisanafike pa kulemera komwe amapezera azungu. Thupi lomwelo, sikelo yomweyo, koma pa N ndinali nditadutsa kale mzere womwe pa muyezo wamba ndinali ndisanaufike. Tsiku lomwelo ananditumiza kukayezetsa shuga.

Chachiwiri ndi mankhwala. Munthu wosakwana zaka 55, wopanda shuga, yemwe si wochokera ku banja la ku Africa kapena Caribbean, nthawi zambiri amamuyambitsa ndi mankhwala a gulu la ramipril. Kwa ife, ngati tilibe shuga, malangizo omwewo amati ayambe ndi gulu lina, la amlodipine, kaya tili ndi zaka zingati, chifukwa kafukufuku anaonetsa kuti gulu loyamba lija likakhala lokha silitsitsa bwino kuthamanga kwa magazi mwa anthu akuda ambiri, ndiponso vuto la kutupa milomo ndi kukhosi, lomwe limabwera ndi mankhwalawa nthawi zina, limagwira ife kwambiri kuposa azungu. Shuga sanandipeze nawo, ndipo anandiyambitsa amlodipine. Nesi uja anali ndi maso, ankandiona kuti ndine wakuda, ndiye mwina zikanayenda chimodzimodzi. Koma makalata oitanira anthu kukayezetsa, ndi ziwerengero za chiopsezo zomwe kompyuta imapanga, sizikuona nkhope. Zimawerenga chilembo. Kukonza kwake kunali kosavuta: anandifunsa chomwe ndikufuna kuti chilembedwe, ndinayankha, anasintha pomwepo. Aliyense angathe kufunsa pa tebulo lolandirira alendo kuti pa iye panalembedwa chiyani, n'kupempha kuti akonze.

Sindikufuna kuti kabokosika kaoneke kanzeru kuposa mmene kaliri. Ndi muyezo wokhakhala. Kamatenga munthu wa ku Dedza ndi wa ku Dakar ngati thupi limodzi, pomwe akatswiri amati kusiyana kwa chibadwa pakati pa anthu a mu Africa mwenimweni n'kwakukulu kuposa kwina kulikonse. Ndipo nthawi zina kanalakwitsapo. Kwa zaka zambiri zotsatira za kuyeza impso zinkakwezedwa ngati wodwala ndi wakuda, zomwe zinkachititsa kuti impso zodwala zioneke zabwinoko, munthu n'kuchedwa kulandira thandizo. NICE inachotsa kawerengedwe kameneko mu 2021. Choncho dokotala akati chifukwa ndinu Black African tichita chakuti, ine ndimafunsa kuti chifukwa chake n'chiyani, ndipo dokotala wabwino amayankha.

Pali fomu imodzi yomwe imafunsa mofanana ndi mmene timafunsira kwathu, ndipo ndinaiona pomwe ndinaperekeza mtsikana wina wa ku Mzimba kusikelo yake yoyamba. Imatchedwa Family Origin Questionnaire. Iyoyo sifuna kudziwa mmene umadzionera. Imafunsa kumene makolo ndi agogo a mayi anachokera, ndi kumene makolo ndi agogo a bambo wa mwanayo anachokera, ndipo ungachonge malo angapo. Cholinga chake ndi matenda a magazi otengera ku makolo, monga aja a sikoselo, omwe kwathu timawadziwa ndi ana otupa manja ndi mapazi, olira ndi ululu wa m'mafupa, osowa magazi pafupipafupi. Munthu angathe kukhala ndi mbewu ya matendawa osadwala konse. Koma mayi ndi bambo onse akakhala nayo, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa inayi woti mwana abadwe ndi matendawo. N'chifukwa chake amafuna kuyeza mayi msanga, mimba isanapitirire masabata 10, ndipo akamupeza nayo amaitananso bambo. Mtsikana uja ali ndi agogo aamuna omwe anali mmwenye, nkhani yomwe kwawo saikamba kawirikawiri. Pa fomu ya kuntchito zimenezi zilibe ntchito, amachonga African n'kupitirira. Apa ndinamuuza kuti, "Mng'ono wanga, agogo ajawo alembe." Ku India kulinso matenda ena a magazi a mtundu womwewu, ndipo oyeza amawerenga zotsatira poyang'ana zomwe zachongedwa.

Nkhani ya agogo ake inandikumbutsa anthu omwe mndandanda waukulu uja suwakwana n'komwe. Pansi pa Mixed pali White and Black Caribbean, White and Black African, White and Asian. Timabokosi tonse titatu tikuyambira pa mzungu. Mwana wa mayi wachiyao ndi bambo wachimwenye, omwe ku Limbe ndi ku Zomba si achilendo, alibe pake. Amapita ku "Any other Mixed". Mmwenye wobadwira ku Limbe, yemwe agogo ake anafika m'nthawi ya atsamunda, wolankhula Chichewa chothyakuka kuposa ana athu okulira kuno, sangapeze African popanda kudutsa pa Black, ndiye amachonga Indian ngakhale ku India sanapondeko. Ndipo ine, mwana wa Mchewa ndi Mtumbuka, amene kwathu ndimatengedwa ngati wa mitundu iwiri, kuno si Mixed ayi. Ndikanachonga pamenepo bwenzi ndikunena kuti kholo langa limodzi si lakuda.

Mlongo wanga ali ku Joni, ndipo titakambirana zimenezi pafoni anati kwawoko n'zosiyananso. Fomu ya kuntchito ya EEA1 ili ndi magulu anayi, African, Coloured, Indian ndi White, omwe ndi otsalira a malamulo a tsankho aja koma tsopano amagwiritsidwa ntchito pofuna kukonza zomwe tsankholo linawononga. Iye amachonga African, koma fomu yomweyo imafunsanso ngati ndi wochokera kunja, ndipo akavomera amawerengedwa padera, chifukwa kukonzako kunapangidwira nzika za dzikolo. Mayi mmodzi anatibereka, koma iye papepala ndi mlendo poyamba, ine ndine wakuda poyamba.

Masiku ano ndikapatsidwa fomu ndimayamba ndaona kuti wafunsa ndani ndipo akufuna achite nazo chiyani. Kuchipatala ndi kuntchito ndimachonga African pansi pa Black, ndipo pakakhala kamzere ndimalembapo Malawian. Sindichita zimenezi chifukwa kabokosiko kakundifotokoza. Sikadziwa kuti ndine wa kwa Phiri, sikadziwa Dedza, sikadziwa kuti bambo anga anagona ku Rumphi. Ndimachonga chifukwa ndi malo omwe dziko lino landiika, ndipo ndikufuna kuti zomwe zimachitika pamalo amenewo zilembedwe.

Chomwe sindinachithetse ndi cha mwana wanga. Anabwera kudzakhala nane ali ndi zaka 10, ndipo chaka chotsatira, polowa sekondale, sukulu inatumiza fomu yake. Tinakhala patebulo awiri. Ine ndinali nditaika kale cholembera pa African, iye n'kugwira dzanja langa. Anati anzake a m'kalasi, ana a ku Nigeria ndi ku Jamaica obadwira konkuno, amadzitchula kuti Black British, ndiye iyeyo ndi ndani? Ndinamuuza kuti pasipoti yake ndi ya Malawi, koma funsoli si la pasipoti, ndipo akadzakula adzasankha yekha. Palibe lamulo loti zomwe wachonga lero uzichonge moyo wonse. Anaganiza kanthawi, n'kunena kuti, "Amayi, chongani African, koma mulembenso kuti Malawi." Fomuyo inalibe kamzere. Ndinalemba m'mphepete mwa pepala, ngakhale ndinkadziwa kuti wolowetsa mu kompyuta sadzapeza poziika.

Lamlungu lotsatira tinaimbira agogo ake ku Dedza, ndipo mwanayo anawafotokozera zonse, Chichewa chake chikusakanikirana kale ndi cha kusukulu. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anandifunsa ine kuti, "Nanga mudzi sanafunse?" Ndinati ayi, sanafunse. Anakhala chete pang'ono, n'kuyamba kumuuza mdzukulu wawo dzina la mudzi, la nyakwawa ndi la mfumu yaikulu, mmodzimmodzi, kuti abwereze pambuyo pawo.